Zithunzi zanu zachinsinsi zikamwazidwa pa WhatsApp ndi pa Facebook: koyambira ndi kozichotsera

Uthenga wake umabwera kudzera kwa mnzanu kapena m'bale. Akuimbirani foni mawu akunjenjemera: "Asisi, mwaona zimene zili mu gulupu?" Pamenepo mtima umakuuzani kuti mufufute zonse, mubuloke munthuyo, mutseke akaunti, muzimitse foni. Musatero msanga. Zinthu zimene mungazifufute mu ola loyambalo ndi zomwezo zimene apolisi, a Facebook ndi akhoti adzazifune mawa. Pa nkhani iyi chimene chimapulumutsa munthu ndi kudziwa choyamba ndi chiti, chachiwiri ndi chiti: umboni kaye, kenako kutseka njira zimene chithunzicho chikudutsamo, kenako mlandu.

Kuti zimveke bwino, tiyerekeze mayi wa zaka 24 amene amagulitsa zovala mumsika wa Kapata kuno ku Chipata. Anasiyana ndi chibwenzi chake, ndipo mwamunayo atakwiya waponya zithunzi zitatu zimene mayiyu anam'tumizira kale mu gulupu ya WhatsApp ya anyamata a m'dera lawo. Pofika madzulo wina wazichotsa m'menemo n'kuziika pa peji ya miseche ya pa Facebook, dzina la mayiyu lili pamwamba. Usiku nambala yachilendo yatumiza uthenga: tumizani K500 pa Airtel Money, mukapanda kutero zithunzizi zipita ku gulupu ya kutchalitchi kwanu.

Mayiyu sanalakwe. Anatumizira munthu mmodzi amene ankamukhulupirira, ndipo kuvomera kuti munthu mmodzi aone si kuvomera kuti mzinda wonse uone. Wolakwa ndi amene wamwaza, pamodzi ndi aliyense amene akupitiriza kutumiza.

Yambani ndi umboni, musanayankhe aliyense

Itanani munthu mmodzi amene mumamudalira, akhale nanu pafupi. Manja akamanjenjemera n'kovuta kujambula zinthu molongosoka, komanso simuyenera kuyang'ana zonsezo nokha. Munthuyo akhale wosunga pakamwa.

Mayi wathu uja sali mu gulupu ya anyamatayo, choncho umboni wa m'menemo uli m'manja mwa msuweni wake amene wamuuza nkhaniyi. Msuweniyo asatuluke mu gulupu ngakhale atakwiya bwanji, ndipo asayambe kutukwana m'menemo, chifukwa akangomuchotsa ndiye kuti maso atsekeka. Ajambule masikirinishoti osonyeza dzina la gulupu, nambala ya foni ya amene waponya zithunzi, tsiku ndi nthawi. Apa pali msampha umene ambiri amagweramo: ngati munthuyo anasungidwa mufoni ndi dzina losereula, sikirinishoti imaonetsa dzinalo basi, nambala osaoneka. Dinani pa dzinalo kuti nambala yonse ituluke, muijambulenso. Nambala ndiyo imagwira munthu, pakuti simu khadi iliyonse ku Zambia imalembetsedwa ndi NRC. Jambulaninso mndandanda wa maadimini a gulupuyo. Kenako, pa foni ya Android, dinani timadontho titatu tapamwamba, musankhe More, kenako Export chat, kenako Without media. Zimenezi zimakupatsani fayelo ya mauthenga onse ndi nthawi zake, popanda zithunzizo. Ngati chithunzi chinatumizidwa m'njira yoti chionedwe kamodzi kokha, WhatsApp imakana sikirinishoti, ndiye jambulani nkhope ya foniyo ndi foni ina.

Pa Facebook, sikirinishoti yokha siikwana. Mufunika linki. Dinani timadontho titatu pa positiyo musankhe Copy link, muiike pamalo otetezeka monga imelo imene mwadzitumizira nokha. Chitaninso chimodzimodzi ndi linki ya peji yonseyo ndi ya akaunti ya munthu amene mukumukayikira. Dzina la peji munthu angalisinthe usiku womwewo, koma linki ndiyo imathandiza kulondola. Uthenga woopseza uja ujambuleni wonse, pamodzi ndi nambala imene akuti mutumizeko ndalama. Lembaninso m'kope: tsiku, nthawi, kumene mwaona, amene wakuuzani. Pakatha milungu iwiri mutu sudzakumbukira kuti chinayamba ndi chiti.

Pali malo amodzi pamene malangizo awa akusintha kwambiri. Ngati amene ali pachithunzipo sanakwane zaka 18, kapena anali asanakwane pamene chinajambulidwa, musajambule sikirinishoti ya chithunzicho, musachisunge, ndipo musachitumize kwa aliyense ngakhale kwa aphunzitsi kapena kwa abusa kuti aone. Kusunga kapena kutumiza chithunzi chotere cha mwana ndi mlandu waukulu pawokha. Lembani linki, nambala ndi nthawi zokha, imbani 116 ya Childline imene ndi yaulere, ndipo pitani kupolisi tsiku lomwelo.

Za ndalama zija, musatumize ngakhale ngwee imodzi. Wolandira K500 lero amadziwa kuti mantha akugwirani, ndipo mawa adzati K1,000, zithunzizo zili chikhalire mufoni mwake. Musakangane naye, musamuchonderere, musamuuze kuti mukupita kupolisi. Mukatha kujambula umboni, khalani chete. Ngati mwatumiza kale ndalama, sungani uthenga wa Airtel Money kapena MTN MoMo umene uli ndi nambala ya malipirowo komanso dzina la wolandira. Umenewo ndi umboni wamphamvu kwambiri.

Tsekani pamene zinatulukira

Mayi wathuyu akudziwa kumene zithunzi zinachokera, koma si onse amadziwa. Ena zimatuluka foni itapita kwa okonza mafoni ili yosakhoma, ena anabwereketsa memori khadi, ena mwamuna amadziwa pasiwedi yawo kuyambira kale. Choncho tsegulani WhatsApp, muone pa Linked devices. Mukapezapo kompyuta kapena foni imene simukuidziwa, ijambuleni kaye, kenako muitulutse ndi Log out. Yatsani Two-step verification imene ili pansi pa Settings ndi Account. Sinthani pasiwedi ya Facebook ndi ya Gmail, makamaka ya Gmail, chifukwa mafoni ambiri amakweza okha zithunzi ku Google Photos, ndipo amene ali ndi pasiwediyo amaziona zonse ali kwawo. Pasiwedi yatsopanoyo isakhale tsiku lanu lobadwa kapena dzina la mwana wanu, zimenezo iye akuzidziwa.

Kuchotsa pa Facebook

Malamulo a Facebook, Instagram ndi TikTok amaletsa kuika zithunzi zamaliseche za munthu popanda chilolezo chake, ndipo akatsimikiza amachotsa. Vuto limakhala pa kasankhidwe ka chifukwa. Dinani timadontho titatu pa positiyo, musankhe Report post. Mawu a pa mndandanda wotsatirawo amasinthasintha, koma funani mbali ya zamaliseche kapena ya kuzunza munthu, ndipo mkati mwake musankhe chimene chikunena kuti zithunzi zanu zachinsinsi zagawidwa popanda chilolezo. Ambiri amasankha Spam chifukwa ndi chimene achizolowera, ndipo lipoti lotere limabwerera ndi yankho loti positiyo siikuphwanya lamulo lililonse.

Chitani lipoti pa positi iliyonse payokha, pa chithunzi chilichonse pachokha, kenako pa peji yonse. Ngati wina waika chithunzicho mu ndemanga, ndemangayo ilinso ndi lipoti lake. Yankho lawo mudzalipeza mu Support Inbox. Akakana, pamakhala mwayi wopempha kuti aonenso, ndipo pemphani ndithu. Mukaona kuti Facebook Lite ikubisa zina mwa zosankhazi, lowani kudzera pa Chrome.

Abale ndi anzanu amene akufuna kukuthandizani muwauze mosapita m'mbali kuti achite lipoti mwakachetechete. Asalembe ndemanga, asagawe positiyo ndi mawu oti "taonani zoipa zimene achita". Ndemanga iliyonse, ngakhale yokuikirani kumbuyo, imauza makina a Facebook kuti positiyo ili ndi anthu, ndipo amaionetsa kwa ena ambiri. Ndimamva chisoni ndikaona azakhali ake a munthu akumenya nkhondo mu ndemanga ndi mtima wabwino, osadziwa kuti akuthandiza kuiulutsa.

Kuchotsa kamodzi sikuletsa wina kuikanso mawa, ndipo apa ndi pamene pafunika StopNCII.org. Imeneyi ndi njira yaulere imene inayamba mu 2021, yoyendetsedwa ndi bungwe la ku Britain limene limathandiza anthu ochitiridwa nkhanza zamtunduwu, ndipo munthu wa dziko lililonse angaigwiritse ntchito. Mumatsegula tsambalo pa foni imene muli zithunzizo, n'kusankha zithunzi kapena mavidiyo ake. Chithunzicho sichichoka mufoni mwanu. Foniyo imapanga nambala yaitali yoimira chithunzicho, ngati chidindo cha chala, ndipo nambala yokhayo ndiyo imatumizidwa ku makampani amene ali m'mgwirizanowu, monga Facebook, Instagram, TikTok, Snapchat ndi Reddit. Wina akayesa kukweza chithunzi chofanana ndi chidindocho, iwo amachiunika ndi kuchitsekereza. Pomaliza mumalandira nambala ya dandaulo lanu ndipo mumasankha PIN. Zilembeni m'kope lija nthawi yomweyo, chifukwa zikatayika sangakupatseninso.

N'chifukwa chake ndinati musafufute msanga: popanda chithunzicho simungapange chidindo. Njirayi ndi ya amene ali pachithunzipo mwini wake, ndipo akhale kuti anali ndi zaka 18 kapena kuposerapo pamene chinajambulidwa. Kwa amene anali ana pali ina yofanana nayo, takeitdown.ncmec.org, imene imagwiranso ntchito ngakhale munthuyo wakula tsopano. Dziwaninso malire ake. Chithunzi chikadulidwa kwambiri, kapena akalembapo mawu pamwamba monga anachitira a peji ya miseche ija, chidindo chake chingasiyane ndi choyamba. Mayi wathuyu ayenera kupanga chidindo cha zithunzi zitatu zoyambirira, komanso cha zimene zasinthidwazo ngati ali nazo. Ndipo simuyenera kudikira kuti zimwazidwe: munthu akangokuopsezani, pangani chidindo tsiku lomwelo.

WhatsApp ndiye povuta

Ndinene zoona zake: palibe batani limene lingachotse chithunzi m'mafoni onse amene chafikamo. Mauthenga a WhatsApp amakhala obisika kuchokera kwa wotumiza kufika kwa wolandira, moti ngakhale kampaniyo siiwaona, ndipo chidindo cha StopNCII sichigwira ntchito m'menemo. Aliyense amene angakuuzeni kuti ndi katswiri wa makompyuta, mum'patse ndalama achotse zithunzizo m'mafoni a anthu, ndi wakuba wachiwiri. Ena mpaka amapempha kuti muwatumizire zithunzizo kuti "azifufuze". Musayerekeze.

Zimene zingatheke ndi ziwiri. Choyamba ndi lipoti: msuweni uja adine uthengawo kwa kanthawi, asankhe Report. WhatsApp imalandira mauthenga omaliza a munthuyo, mpaka asanu, ndipo ingathe kutseka nambala yake. Chachiwiri, chimene chimagwira ntchito mwachangu kuposa, ndi adimini. Adimini ali ndi mphamvu yofufuta uthenga wa munthu wina kwa onse a mu gulupu ndi Delete for everyone, koma mwayi umenewu umatha pakapita masiku awiri. Ndiye umboni ukangojambulidwa, adimini afikiridwe tsiku lomwelo.

Osati ndi inu mwini. Tumani munthu amene adiminiyo angamuchitire manyazi: mchimwene wanu wamkulu, amalume, tcheyamani wa pamsika. Uthenga wake ukhale waulemu, waufupi ndiponso wolembedwa, kuti nawonso ukhale umboni. Mwachitsanzo: "Akulu, mu gulupu yanu mwaikidwa zithunzi za mlongo wanga popanda chilolezo chake, lero 14:20, kuchokera pa nambala yakutiyakuti. Nkhaniyi ikupita kupolisi. Tikupempha kuti muzifufute kwa onse tsopano lino, ndipo muchenjeze anthu kuti wotumiza kwina adzayankha yekha." Maadimini ambiri akamva kuti dzina lawo lili pa sikirinishoti imene ikupita kupolisi safuna kuchedwa. Zimenezi sizichotsa zimene ena asunga kale kapena kutumiza kwina, koma zimachepetsa anthu atsopano oziona, ndipo pamasiku oyambirira chofunika kwambiri n'chimenecho.

Ngati zafika pa masamba ena a pa intaneti, lembani dzina lanu pa Google muone. Google ili ndi fomu yopempha kuchotsa zithunzi zamaliseche zoikidwa popanda chilolezo, ndipo imafuna linki ya tsamba lililonse. Iwo amachotsa pa zotsatira za kusaka kokha, tsambalo limakhalapobe, choncho lemberaninso eni tsambalo kudzera pomwe alemba Report kapena Contact. Ngati chithunzicho munadzijambula nokha, nenani zimenezo, chifukwa umwini wake ndi wanu ndipo masamba ambiri amaopa dandaulo la umwini.

Kupolisi ndi kukhoti

Mukafika pa Chipata Central, kapena pa polisi ya ku Katete, Petauke, Lundazi kapena Chadiza, simukukakamizidwa kufotokoza nkhani yonse pakauntala anthu ali mbuu kumvetsera. Nenani kuti mukufuna Victim Support Unit, ndipo ngati mukufuna wapolisi wamkazi, pemphani. Tengani NRC, kope lija ndi foni, ndipo mupite ndi munthu. Musachoke osalemba nambala ya OB, imene dandaulo lanu lalembedwa nayo m'buku la apolisi, ndi dzina la wapolisi amene wagwira nkhani yanu, pakuti pobwera kudzafunsa mmene zikuyendera adzakufunsani zimenezo. Musalole kuti zithunzizo zitumizidwe pa WhatsApp ya munthu aliyense payekha. Ngati foni ikufunika kutsala monga umboni, pemphani kuti zilembedwe. Lamulo limene likugwira ntchito tsopano ndi Cyber Crimes Act ya 2025, imene inalowa m'malo mwa lamulo la 2021, ndipo limaletsa kugwiritsa ntchito foni kapena kompyuta pozunza ndi kunyazitsa munthu. Kuopseza munthu kuti akupatseni ndalama ndi mlandu winanso pawokha. Mungadandaulenso ku ZICTA, bungwe la boma loyang'anira za mafoni ndi intaneti, pa nambala yaulere ya 7070.

Pali chinthu chimene sindingakubisireni. Gawo 177 la Penal Code limaletsa kupanga kapena kusunga zinthu zolaula, ndipo m'mbuyomu zachitikapo m'dziko muno kuti amene zithunzi kapena vidiyo yake yamwazidwa nayenso anaimbidwa mlandu. Ine ndimaona kuti kumeneku ndi kulanga munthu wovulala kale, ndipo amene amamwaza zithunzi amadalira mantha amenewa kuti mukhale chete. Musakhale chete, koma musapitenso wosakonzeka. Musanapereke sitetimenti, lankhulani ndi loya wa ku Legal Aid Board, amene ali ndi ofesi ku Chipata ndipo amathandiza osakwanitsa kulipira, kapena imbani 933 ya Lifeline mulankhule ndi mlangizi. Sitetimenti muiwerenge, kapena akuwerengereni m'chilankhulo chanu, musanasaine. Ionetse poyera kuti ndinu wodandaula, kuti zithunzizo zinali zachinsinsi, ndipo kuti simunavomere kuti zipite kwa wina.

Ngati mwamunayo akupitiriza kukuvutitsani, kukutsatirani kumsika kapena kukuopsezani, lamulo la Anti-Gender-Based Violence Act la 2011 limakulolani kupempha khoti la majisitireti chikalata chokutetezani, chomuletsa kukuyandikirani kapena kukutumizirani mauthenga. Chipata ili ndi khoti lofulumizitsa milandu ya nkhanza zotere. Ngati munthuyo wawoloka pa Mwami kupita ku Mchinji, kapena nambala yake ndi yoyamba ndi +265, auzeni apolisi zimenezo poyamba pomwe. Malipoti a pa Facebook ndi StopNCII alibe malire a dziko, amagwira ntchito chimodzimodzi.

Achibale a mwamunayo angabwere ndi mawu oti tikambirane pakhomo, tilipe, nkhani ithere pompo. Kumva mawu awo si kulakwa, ndipo nthawi zina amalume ake ndi amene angamukakamize kufufuta zithunzizo pamaso pa mboni, mufoni, mu Google Photos ndi m'memori khadi. Koma palibe njira yotsimikizira kuti sanasunge kwina. Choncho musafufute umboni wanu monga mbali ya mgwirizano, ndipo musachotse dandaulo kupolisi chifukwa cha lonjezo la pakamwa.

Kunyumba ndi kuntchito

Woopseza uja mphamvu yake ili pa chinthu chimodzi: kuti amayi anu, abusa kapena abwana anu sakudziwa. Mayi wathuyu akasankha munthu mmodzi wamkulu m'banja, kapena mayi mmodzi wodalirika wa kutchalitchi, n'kumuuza yekha nkhaniyi isanafike kudzera kwa ena, mphamvu ija imachepa kwambiri. Safunika kufotokoza zambiri kapena kuonetsa chilichonse. "Amama, munthu amene ndinali naye wamwaza zithunzi zanga kuti andinyazitse. Ndakanena kupolisi. Mukalandira chilichonse musatsegule, mundiuze nambala yake." Mayi wa kutchalitchiyo angauzenso adimini wa gulupu yawo kuti akhale tcheru ndi kufufuta chilichonse chikangofika.

Masiku oyambirirawo amalemera kwambiri. Ena sadya, sagona, ena amafika poganiza zodzipha. Maganizo amenewo akakufikirani, musagone nokha usiku umenewo. Uzani munthu amene muli naye pafupi, imbani 933, kapena pitani kuchipatala. Inu amene mukuthandiza m'bale wanu, mufunseni mwachindunji ngati akuganiza zodzivulaza, ndipo musamusiye yekha akavomera.

Ntchito yoyang'anira ngati zithunzi zabwereranso ipatseni msuweni uja, isakhale yanu. Kamodzi patsiku sabata yoyamba, kenako kamodzi pasabata kwa miyezi ingapo, aone peji ija, asake dzina lanu pa Facebook, pa TikTok ndi pa Google. Akapeza china, atenge linki ndi nthawi, alembe m'kope, achite lipoti, ndipo ngati chithunzicho chasinthidwa maonekedwe, mupange chidindo chatsopano pa StopNCII.org. Nambala iliyonse yatsopano imene yatumiza kapena kuopseza, kaiwonjezereni kwa wapolisi amene ali ndi nkhani yanu, mutatenga nambala ya OB ija.